Kalata Yopempha Banki Kuti Iwonjezere Nthawi Yobwezera Ngongole

Lero tikambirana nkhani imene ambiri amaopa kuitchula ngakhale kwa abale awo, nkhani ya ngongole ya kubanki imene yayamba kulemera. Tsiku lobweza likuyandikira, ndalama zimene zili mu akaunti sizikukwana, ndipo foni ikangolira mtima umagunda poganiza kuti ndi a kubanki. Anthu ambiri zikafika pamenepa amazimitsa foni. Ena amathamangira kwa a katapila. Koma ilipo njira imene mabanki amaidziwa ndipo amaigwiritsa ntchito, ndiyo kulemba kalata yopempha kuti akuwonjezereni nthawi yobwezera. Ndikufuna tione mmene kalata imeneyi imalembedwera kuti bwana wa kubanki akaiwerenga apeze chifukwa chovomerera.

Mfundo yanga ndi imodzi. Kalata imeneyi imaima pa nambala imodzi, ndiyo ndalama imene mungathedi kupereka mwezi ndi mwezi popanda kuphonya. Ulemu wonse, mbiri yonse ya mavuto anu ndi mapepala onse amene mungaphatikize, ntchito yake ndi kuchitira umboni nambala imeneyo.

Tiyambe ndi funso loti banki ingavomerenji. Banki imadya chiwongoladzanja, choncho imapindula ndi ngongole imene ikubwezedwa. Ngongole ikatha masiku 90 osabwezedwa, imalowa m'gulu la ngongole zoipa, ndipo malamulo amene Banki Yaikulu ya dziko lino imayang'anira amafuna kuti banki ipatule ndalama zake zina poyembekezera kuti mwina iluza. Kulanda chikole nakonso si masewera. Pamafunika maloya, nthawi zina makhoti, kenaka kufunafuna wogula amene kawirikawiri amatchula mtengo wotsika. Ndiye mukabwera ndi dongosolo looneka kuti litheka, mwaipatsa banki njira yotchipa kuposa kukulondolani. Komabe dziwani kuti banki ili ndi ufulu wokana, poti pangano munasaina ndinu. N'chifukwa chake kalatayo iyenera kukhala yaulemu, pakuti mukupempha, komanso yodzaza ndi umboni, pakuti amene akuiwerengayo akayankha kwa akuluakulu ake.

Nthawi yolembera ndi pamene mwangoona kuti zinthu sizikuyenda, musanaphonye ngakhale mwezi umodzi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu amene wabwera yekha mbiri yake yobweza ili yoyera amalandiridwa mosiyana ndi amene wabwera atalandira kalata yachitatu yomuchenjeza. Mukaphonya, mabanki ambiri amawonjezera chilango pa ndalama imene yachedwayo. Komanso kuchokera pa lamulo la 2010 lokhazikitsa mabungwe osunga mbiri ya obwereka ndalama, dzina la wosabweza limatha kuonedwa ndi mabanki ena. Ngati mwaphonya kale, lembanibe, koma vomerani poyera miyezi imene mwaphonya ndi ndalama zake, chifukwa iwo akuziona kale pa kompyuta.

Tsopano tiyeni titenge chitsanzo choyerekeza, kuti tiyende nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi chigayo cha magetsi pa msika wina wa kumudzi. Mu Ogasiti 2023 anabwereka K6,000,000 kuti agule makina okonolera chimanga, pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pa chaka, kuti abweze pa miyezi 24. Pa ngongole yotere, mwezi uliwonse amayenera kupereka pafupifupi K335,000. Chikole chake ndi chikalata cha malo amene pali chigayocho, ndipo mchimwene wake anasaina ngati mboni.

Zimene zinachitika pambuyo pake tonse tikuzikumbukira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo masefa, malamba ndi zitsulo zina za chigayo zinakwera mtengo. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino akhudzidwa ndi ngozi ya ng'amba. Anthu amene ankabwera ndi thumba lathunthu anayamba kubwera ndi ndowa imodzi, ena kabeseni. Mayi wathuyu walimbika, wabweza miyezi 12 yonse osaphonya, koma miyezi itatu yomalizayi wakhala akutapa ndalama zimene anasunga, ndipo tsopano zatha. Ngongole yotsala ndi pafupifupi K3,440,000.

Asanagwire cholembera, mayiyu ayenera kukhala pansi ndi buku lake la chigayo, lija amalembamo za tsiku ndi tsiku. Bukulo likuonetsa kuti kale chigayo chinkalowetsa K1,100,000 pa mwezi, koma tsopano chikulowetsa K900,000. Pa ndalama imeneyi, mayunitsi a magetsi amadya K300,000, malipiro a anyamata awiri ogayitsa ndi K120,000, zokonzera makina ndi K60,000, ndipo zapakhomo ndi K150,000. Zonse pamodzi ndi K630,000. Zotsala ndi K270,000. Apa vuto laonekera poyera: banki ikufuna K335,000, m'manja muli K270,000.

Omvera, onani kuti zapakhomo taziwerengera. Ambiri amazibisa pofuna kuoneka olimba, koma bwana wa ngongole amadziwa kuti mumadya ndiponso kuti ana amapita kusukulu. Dongosolo losatchula chakudya cha pakhomo limagwa mwezi woyamba womwe.

Tsopano apemphe chiyani? Pali mapempho awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi kupuma pang'ono, miyezi iwiri kapena itatu. Limeneli limayenera vuto losakhalitsa, monga mota ikapsa ndipo chigayo chaima milungu ingapo, kapena wogula wamkulu akachedwa kulipira. Mabanki athu anachitapo zimenezi mu 2020 pa nthawi ya mliri wa korona, pamene anagwirizana ndi Banki Yaikulu zopumitsa kwa miyezi itatu ngongole za obwereka amene anakhudzidwa. Koma kupuma sikuimitsa chiwongoladzanja pokhapokha banki itanena choncho m'kalata. Pa ngongole ya mayi wathu, chiwongoladzanja chokha ndi pafupifupi K86,000 mwezi uliwonse. Ndipo miyezi itatuyo ikatha, chimanga chidzakhala chisanache, ndiye kuti vuto lidzakhala lili pomwepo.

Pempho lachiwiri ndi kutalikitsa nthawi kuti ndalama ya pamwezi itsike. Limeneli ndi limene likumuyenera, chifukwa ndalama zake zatsika mpaka nyengo ina yokolola. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngongole yotsalayo akaibweza pa miyezi 12 monga mwa pangano, apereka zonse pamodzi pafupifupi K4,025,000. Akaitalikitsa kufika miyezi 18, pa mwezi azipereka pafupifupi K240,000, ndipo zonse pamodzi zifika pafupifupi K4,315,000. Akaitalikitsa kufika miyezi 24, pa mwezi azipereka pafupifupi K192,000, koma zonse pamodzi zifika pafupifupi K4,618,000.

Mwamva kusiyana kwake. Miyezi isanu ndi umodzi yowonjezera imudyera K290,000 yapamwamba. Miyezi 12 yowonjezera imudyera pafupifupi K590,000. Nthawi ya kubanki imagulidwa, choncho pemphani yochepa imene ikukukwanirani. Kwa mayiyu miyezi 18 ndiyo yoyenera, chifukwa K240,000 ikulowa bwino mu K270,000 ndipo pakutsala K30,000. Masamu amenewa mungapemphe wa ngongole wa kubanki kuti akuchitireni musanalembe kalata. Ingomuuzani kuti akuonetseni ndalama ya pamwezi ndi ndalama yonse pamodzi pa nthawi ziwiri kapena zitatu zosiyana.

Koma bwana wochenjera adzafunsa funso lina: nanga Januwale, Febuluwale ndi Malichi, miyezi imene chigayo chimangoti zii? Dongosolo lokhulupirika limayankha funso limeneli lisanafunsidwe. Buku la mayiyu likuonetsa kuti miyezi imeneyi ndalama zolowa zimatsika ndi K100,000, ngakhale magetsi nawo amatsika ndi K35,000 poti makina sazungulira kwambiri. Ndiye zotsala zimakhala K205,000, kupelewera K35,000 pa mwezi. Pa miyezi itatu ndi K105,000. Yankho lake ndi K30,000 yotsala ija. Akamaisiya mu akaunti kuyambira Seputembala mpaka Disembala, ikwana K120,000, yokwanira kutseka dzenjelo. Izi ndi zimene timati dongosolo, ndipo gwero lake ndi ndalama zimene zikuoneka kale. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mawu oti mwana wanga wa ku Joni atumiza, kapena ndikuyembekeza kupata tenda, bwana wa ngongole sangawalembe mu lipoti lake.

Tsopano mverani kalata yake. Pamwamba alembe dzina lake, keyala, nambala ya foni ndi tsiku. Kenaka alembe kuti ikupita kwa Manijala wa nthambi imene anatengako ngongole. Mutu wake ukhale woti: Pempho lowonjezera nthawi yobwezera ngongole, ndipo atchule nambala ya ngongoleyo. Kalatayo imveke motere.

Wolemekezeka Bwana Manijala,

Ndikuthokoza chifukwa cha ngongole ya K6,000,000 imene banki yanu inandipatsa mu Ogasiti 2023. Ndabweza miyezi 12 popanda kuphonya, ndipo malinga ndi sitetimenti yanu kwatsala pafupifupi K3,440,000.

Ndalemba kukudziwitsani ndisanaphonye kuti kuyambira Seputembala 2024 sinditha kukwanitsa K335,000 pa mwezi. Chifukwa cha ng'amba ya chaka chino, ndalama zolowa pa chigayo changa zatsika kuchoka pa K1,100,000 kufika pa K900,000 pa mwezi. Ndikachotsa magetsi, malipiro, zokonzera makina ndi zapakhomo, ndimatsala ndi K270,000.

Choncho ndikupempha kuti ngongole yotsalayi ndiibweze pa miyezi 18 m'malo mwa 12, kuti ithe mu Febuluwale 2026 m'malo mwa Ogasiti 2025. Ndizipereka K240,000 pa tsiku lomaliza la mwezi uliwonse. Ndikudziwa kuti zimenezi ziwonjezera chiwongoladzanja, ndipo ndavomera.

Kuti ndisadzaphonye m'miyezi ya njala, ndizisiya K30,000 yapadera mu akaunti yanga mwezi uliwonse kuyambira Seputembala mpaka Disembala. Ndalama za chigayo ndiziika mu akaunti yomweyi mlungu uliwonse kuti muziona mmene bizinesi ikuyendera. Zokolola za 2025 zikakhala bwino, ndikupempha mundilole kupereka zoposerapo kuti ngongole ithe msanga.

Ndaphatikiza sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi, mafotokope a buku la chigayo, malisiti a magetsi, ndi kalata ya mboni yanga yovomereza kusinthaku. Ndili wokonzeka kubwera kudzakambirana nanu tsiku lililonse limene mungasankhe, ndipo ndinu olandiridwa kudzaona chigayocho.

Ine wanu,

ndipo asaine pamenepo.

Omvera, kalata yonseyi ikukwana pa tsamba limodzi. Kaya muilemba m'Chichewa kaya m'Chingerezi, mafupa ake ndi omwewa. Tiyeni tione chifukwa chake yaima chonchi.

Yayamba ndi mbiri yobweza, chifukwa ndicho chuma chachikulu chimene mayiyu ali nacho pamaso pa banki. Vuto lafotokozedwa mwachidule, ndi nambala zake. Simunamvemo za maliro, za apongozi odwala kapena za mbuzi zobedwa. Ngati matenda kapena maliro ndiwo gwero lenileni la vuto lanu, atchuleni kamodzi, ikani pepala la kuchipatala, pitirirani. Masamba atatu a madandaulo amamupangitsa wowerenga kuganiza kuti munthuyu sadzathanso kubweza, pamene inu mukufuna aone kuti mubweza.

Pempho lake lili ndi miyezi, ndalama ndi tsiku. Apa ndi pamene makalata ambiri amafera. Munthu amalemba kuti ndithandizeni mmene mungathere, kapena ndidzabweza zinthu zikayamba kuyenda. Wa ngongole amene walandira kalata yanu nthawi zambiri sagamula yekha. Amalemba lipoti kupita kwa akuluakulu kapena ku komiti yoona za ngongole, ndipo lipotilo limafuna nambala. Mukamupatsa nambala, mwamugwirira theka la ntchito yake.

Za ulemu, onani kuti mayiyu sanagwade ndipo sanaopseze. Sanadzitche wosauka wopanda pake, komanso sanadzudzule banki kuti chiwongoladzanja chake n'chakuba, ngakhale mumtima angamve choncho. Ulemu wa m'kalata ya ndalama ndi kunena zoona, kulemba mwachidule, ndi kumutchula munthu ndi udindo wake. Ndipo chenjerani ndi bodza. Mukalemba kuti mumalowetsa K900,000 pamene sitetimenti ikuonetsa K400,000, afunsa kuti zinazo zimapita kuti. Ngati makasitomala ena amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, phatikizani sitetimenti ya kumeneko. Malisiti a magetsi a ESCOM ndi mboni yabwino ya chigayo, chifukwa mayunitsi amaonetsa mmene makina azungulirira.

Tinenepo za mboni. Mchimwene uja anasaina kuti aimira ngongole ya miyezi 24. Nthawi ikatalika, udindo wake watalikanso, ndipo banki ingafune kuti asainenso. Kambiranani naye musanapite kubanki, asadzamvere kwa eni ndalama. Chimodzimodzi amuna anu kapena akazi anu, ngati chikole ndi malo a banja, chifukwa chikalata cha malo chikhala kubanki miyezi ina isanu ndi umodzi.

Kalata yalembedwa, tsopano kapereke. Sindikizani makope awiri. Pitani nokha kunthambi, perekani limodzi, ndipo pemphani kuti pa linalo akudindireni chidindo chosonyeza tsiku limene alandira. Kope limenelo lisungeni pamodzi ndi pangano la ngongole. Funsani dzina la amene akuyendetsa nkhani yanu ndi tsiku limene mungayembekezere yankho, ndipo likadutsa, imbani foni kapena pitaninso.

Pamene mukudikira, musaleke kubweza. Kupereka kalata sikusintha pangano. Mpaka banki itayankha, K335,000 ija ikadali ngongole ya mwezi umenewo. Ngati mayiyu sangaikwanitse, aike K240,000 imene walonjeza pa tsiku limene walonjeza, podziwa kuti yotsalayo iwerengedwa ngati yochedwa mpaka pangano latsopano litasainidwa. Ndalama imeneyo ikalowa pa tsiku lake, imalankhula mokweza kuposa kalata.

Banki ikavomera, musakhutire ndi mawu apakamwa akuti musadandaule mayi, tazikonza. Wonena mawuwo akhoza kusamutsidwa mawa, ndipo kompyuta ipitiriza kuwerenga masiku ochedwa. Funani kalata yovomereza ndi ndandanda watsopano wa kabwezedwe. Musanasaine, onani zinthu izi. Kodi chiwongoladzanja chikadali chomwe chija, nanga n'chokhazikika kapena chimasintha? Ngongole zambiri m'dziko muno zimatsata mlingo umene umasintha mwezi ndi mwezi, ndiye ndalama ya pamwezi ikhoza kukwera. Kodi pali ndalama yolipira chifukwa chosintha pangano? Kodi inshulansi ya ngongole yatalikitsidwa kufika tsiku latsopano lomaliza? Kodi mukafuna kumaliza msanga pali chilango? Funsani mpaka mumvetse, chifukwa ndi ufulu wanu kudziwa mtengo wonse wa ngongole.

Nanga banki ikakana? Funsani chifukwa chake mwaulemu, ndipo funsani chimene angavomere. Nthawi zina amafuna kuti muyambe mwalipira zochedwa, kapena amapereka miyezi yocheperapo. Ngati vuto ndi loti akuwerengerani molakwika kapena akukuchitirani nkhanza, dandaulani kaye ku ofesi ya madandaulo ya banki yomweyo, ndipo zikakanika kafikeni kwa Mlembi wa mabungwe a zachuma ku Banki Yaikulu. Koma kukana kokha kutalikitsa nthawi si mlandu.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena mosabisa. Kutalikitsa nthawi kumathandiza bizinesi imene ikadali ndi phindu. Tiyerekeze kuti mayi uja amatsala ndi K80,000 yokha pa mwezi. Ndalama imeneyo sikufika ngakhale pa K86,000 ya chiwongoladzanja, ndiye ngakhale atamupatsa zaka khumi ngongoleyo singatsike. Chizindikiro chake n'chimenecho: ngati zotsala zanu sizikuposa chiwongoladzanja cha pamwezi, kalata yopempha nthawi si mankhwala. Pamenepo kambiranani ndi banki zogulitsa nokha katundu wina, monga makina okonolera aja, pa mtengo wabwino, n'kudula ngongoleyo, kusiyana ndi kudikira kuti adzagulitse ena pa mtengo wogwa. Ndipo musatseke ngongole ya kubanki ndi ya katapila. Banki ya m'chitsanzo chathu ikutenga K2.50 pa K100 iliyonse pa mwezi, pamene wa katapila amatha kufuna theka la ndalama imene wakubwerekani pa mwezi umodzi wokha.

Choncho inu amene mukumvera muli ndi ngongole imene yayamba kukutsamwitsani, usiku uno tulutsani buku lanu la malonda ndi sitetimenti yanu. Werengerani zolowa, chotsani zotuluka zonse kuphatikizapo zapakhomo, ndipo pezani ndalama imene mungapereke ngakhale m'mwezi woipitsitsa. Mawa pitani kubanki mukafunse kuti ndalama imeneyo ikufuna miyezi ingati, lembani tsamba limodzi, ndipo kaliperekeni tsiku lobweza lisanafike.